Diresi lija analitembenuza pamaso pa anthu onse

Moni nonse amene mukumvera. Lero mundimva mawu asasa pang'ono, chifukwa usiku wathawu ndafika kunyumba ndi sitima yomaliza, nditaima kuseri kwa nsanja kuyambira masana, mapini ali kukamwa. Kwa amene mwatipeza lero, ine ndimagwira ntchito m'chipinda chosokera pa sukulu ina yophunzitsa kupanga zovala kuno ku Ulaya. Sindine mphunzitsi. Ndimayang'anira makina, kuthandiza ophunzira kudula nsalu, ndi kusomola nawo misoko ikapotoka. Dzulo linali tsiku la chionetsero cha amene amaliza maphunziro, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za mawu otsegulira mwambowo, chifukwa mpaka pano akundizungulira m'mutu.

Amene anatsegula anali mayi wachikulire, mphunzitsi wa kadulidwe ka nsalu, yemwe akupuma pantchito chaka chino. Sanabwere ndi pepala. Anatulukira pa nsanja atanyamula diresi lobiriwira la siliki pa hang'ala, nafika pa maikolofoni, kenako analitembenuza kunja kukhala mkati. Holo yonse inangoti zii. Anati anthu mwabwera kudzaona kunja kwa zovala, ndipo mukuona posachedwa, koma ndiloleni kwa mphindi zisanu ndikuonetseni mbali imene imakhudza khungu la munthu.

Diresi limenelo ndimalidziwa bwino. Ndinagwada patsogolo pake maola awiri.

Mwini wake ndi mtsikana wina wofatsa, amene zaka zonse zitatu ankabwera kusukulu atavala majuzi akuluakulu. Msana wake ndi wopindika pang'ono, moti chiuno cha kumanzere n'chokwera kuposa cha kumanja ndi masentimita pafupifupi 2. Iye mwini ndiye anawalola mayiwo kunena zimenezi pagulu, n'chifukwa chake nanenso ndikuzinena. Zovala zogula m'sitolo zimasokedwa poganiza kuti mbali ziwiri za thupi n'zofanana, choncho siketi iliyonse imene ankavala inkapendekeka, iye n'kumaona ngati aliyense akuyang'ana pamenepo. Pa ntchito yake yomaliza anasankha kusoka diresi logwira thupi, n'kunena kuti adzalivala yekha pa nsanja. Anasankhanso kulidula mwa bayasi, kadulidwe kovuta kuposa kena kalikonse kamene timaphunzitsa.

Ndifotokoze bayasi kwa amene simunagwirepo sizasi ya telala. Nsalu yolukidwa ili ndi ulusi wa mbali ziwiri, wina woyenda mulitali, wina wodutsa mopingasa. Mukaikoka motsatira ulusi wa mulitali, imakana. Mukaikoka mopingasa, imalola pang'ono chabe. Koma tengani kansalu kalikonse ka mbali zinayi zofanana kutalika, mukakoke kuchokera pa ngodya ina kupita pa ngodya yoyang'anizana nayo, muona kakutanuka ngati muli lasitiki. Mzere umenewo, wopendekeka madigiri 45 kuchokera m'mphepete mwa nsalu, ndiwo bayasi. Chovala chodulidwa motero chimatsetsereka pathupi ngati madzi, chimatambasuka pamene thupi latambasuka, n'kubwerera pamene lalowa, popanda kuchipinda kapena kuchimanga.

Mayi aja anatchula dzina la Madeleine Vionnet, telala wa ku France amene anatsegula nyumba yake ya zovala ku Paris mu 1912 n'kuitseka mu 1939. Iyeyo sanayambitse bayasi, popeza atelala ankaigwiritsa kale ntchito pa tizidutswa ta m'makolala ndi m'mphepete mwa zovala. Chimene anachita ndi kudula diresi lonse motero, ndipo ankayamba ndi kukulunga nsalu pa kachidole kamtengo kuti aone mmene ikugwera asanadule yeniyeni. Mayiwo anati chimene amamukondera Vionnet n'chakuti anakana kumanga thupi la mkazi kuti lifanane ndi diresi, m'malo mwake anaphunzira khalidwe la nsalu mpaka diresi linayamba kumvera thupi.

Koma nsalu yotanuka chotero imavutitsa, ndipo pamenepa mpamene mtsikana uja anagwa ulendo woyamba. Anadula Lolemba, n'kusoka misoko yonse pamakina, n'kupinda mpendero usiku womwewo, chifukwa ankaopa kuti nthawi imuthera. Lachinayi m'mawa anandiitana misozi ili m'maso. Diresi linali pa chidole, ndipo mpendero umene anausiya wowongoka unali utatsika malo ena ndi masentimita 5, malo ena osasuntha. Msoko wa m'mbali unali utachita mafunde, komanso unayamba kukhotera kutsogolo ngati ukufuna kuzungulira mwendo. Palibe chimene anaononga mwadala. Nsalu ya bayasi ikapachikidwa, kulemera kwake komwe kumaikokera pansi, ndipo siitsika mofanana paliponse. Ulusi wa makina sutanuka ngati nsaluyo, ndiye nsalu ikatsika, msoko umatsalira, n'kukwinyika. Kukhota kuja kunabwera chifukwa anadula chakutsogolo ndi chakumbuyo zonse zitapendekera mbali imodzi. Ulusi wa mulitali ndi wopingasa satanuka mofanana, choncho zidutswa ziwirizo zinkakokera kumodzi. Timazidula mosemphana kuti china chikakokera uku, china chibwezere uko.

Mwayi wake unali wakuti nsalu inatsalako yokwanira chidutswa chimodzi. Tinasomola zonse. Tinayala pepala pa tebulo, nsalu pamwamba pake osaipinda pawiri, ndipo tinaonetsetsa kuti palibe mbali yolendewera m'mphepete mwa tebulo, chifukwa ikangolendewera yayamba kale kutanuka musanadule. Tinaisiya ipume, kenako tinadula chakumbuyo chatsopano pamodzi ndi pepalalo kuti isaterereke. M'mbali tinasiya masentimita 3 m'malo mwa 1.5 wamasiku onse, pakuti diresi la bayasi likamatalika limachepanso m'lifupi, ndipo ukapanda kusiya malo umapeza lathina. Sitinapite nalo pamakina. Iye analumikiza ndi dzanja, misoko italiitali yosakoka, n'kulipachika masiku awiri athunthu. Masiku awiri amenewo anamuwawa kwambiri. Anzake makina ali phokoso, iye akungodutsa pafupi ndi diresi lake osaligwira.

Litatsika mmene limafunira, anasoka pamakina akukoka nsalu pang'ono pansi pa singano kuti msoko ukhale ndi malo otanukira. Posita ndinamuuza kuti simbi aziika n'kunyamula, osaikhwekhwereza, chifukwa kukhwekhwereza kamodzi kokha kumatalikitsa mbali imodzi mpaka kalekale.

Kenako mpendero. Apa ndi pamene mayi aja anakhalitsa polankhula, ndipo nane ndikhalitsa. Anthu ambiri amayeza kutalika kwa diresi kuchokera m'chiuno kutsika pansi. Mukatero kwa munthu wa chiuno chimodzi chokwera, mpendero umakwera nawo mbali imeneyo, ndipo diresi limaulula chinthu chomwecho chimene mwini wake wakhala akubisa. Njira yake ndi kuyeza kuchokera pansi kukwera m'mwamba, munthuyo atalivala, ataima mmene amaimira masiku onse, atavala nsapato zimene adzavale tsikulo. Mtsikanayo anaima pakati pa chipinda, ine n'kugwada ndi lula ndi mapini. Poyamba ankadziwongola, kukankha phewa kuti aoneke wolunjika. Ndinamuuza kuti, mwanawe, ima mmene umaimira ukakhala wekha, apo ayi tikhala tikuyeza munthu wina. Anatulutsa mpweya, thupi linakhala m'malo mwake, ndipo ndinazungulira ndikubaya pini pa masentimita 5 alionse, iye akutembenuka pang'onopang'ono. Titalivula n'kuliyala pa tebulo, mzere wa mapini unali wokhota, mbali ya kumanzere yotalikirapo. Munthu woliona pa tebulopo akanati telala walakwitsa. Mtsikanayo analipinda ndi dzanja, kampendero kopyapyala ka mamilimita 3, usiku wonse.

Mzere wokhota umenewo ndi umene mayi aja anauonetsa holo yonse. Anati ophunzira amabwera chaka choyamba akunena kuti akufuna kudzionetsa mmene alili kudzera m'zovala, ndipo amaganiza kuti zimenezo zili mu mtundu wowala kapena m'chojambula cha papepala. Iwo anati sakutsutsa zimenezo, koma kufuna kunena chinthu ndi kutha kuchinena n'zosiyana, ndipo pakati pake pali manja. Mtsikanayu ankafuna kunena kuti thupi langa ndi ili, sindilibisanso. Diresi loyamba lija likanakwera pa nsanja, likanamunenera zina. Anafunika kudziwa mbali imene ulusi ukuyenda, kudikira masiku awiri, ndi kuyeza kuchokera pansi, kuti chovalacho chinene zimene iye amatanthauza. Kenako anatembenukira kwa makolo n'kuwapempha kuti chovala chilichonse chikamadutsa aziyang'ana mpendero ndi mapewa, chifukwa m'menemo ndi mmene muli zaka zitatu za ana awo.

Ine kuseri kuja ndinalira, ndisakubisireni. Ndakhala m'dziko lino zaka zambiri ndikulankhula chinenero chimene lilime langa silinachizolowere mpaka lero. Pali masiku amene ndimadziwa bwino lomwe chimene ndikufuna kunena, koma chotuluka pakamwa chimakhala chaching'ono kuposa chimene chili mumtima, ndipo anthu amandiyeza ndi chaching'onocho. Chaka changa choyamba ndinkavala zakuda ndi zotuwa zokhazokha kuti ndisaonekere m'sitima. Choncho pamene mayiwo ananena za kufuna kunena ndi kutha kunena, ndinamva ngati akundiloza. Pa tebulo lodulira mpamene sindichita chibwibwi. Ndikaika dzanja pa nsalu ya mwana wasukulu n'kuitembenuza pang'ono, amamva zonse popanda ine kusaka mawu.

Pali chimodzi chimene ndikanakonda mayiwo akananena. Bayasi imadya nsalu yambiri, chifukwa patani ikagona mopendekeka, m'ngodya mumatsala zidutswa zosagwira ntchito. Mtsikana uja anapulumuka poti anali ndi yotsala. Wophunzira amene anagula yongokwanira sakanatha kudulanso. N'chifukwa chake ndimawaumiriza kuti ayambe ayesera pa nsalu yotchipa yolemera ndi kugwa mofanana ndi yeniyeniyo, osati yolimba, chifukwa yolimba siikuuza mmene siliki adzatsikire.

Atamaliza kulankhula, mayiwo anabweza diresi kunja kwake n'kundipatsira kuseri kwa katani. Tinali ndi mphindi zosakwana khumi. Ndinamuveka mtsikanayo kudzera kumutu, popeza diresilo lilibe zipi, limangotanuka n'kubwerera. Manja ake anali ozizira. Anatuluka wachisanu ndi chiwiri. Ine ndinasuzumira pa mpata wa katani, maso anga ali pansi, pa mpendero. Unayenda wolingana ndi nsanja kuyambira poyambira mpaka pothera, ndipo potembenuka siliki anazungulira miyendo yake n'kugweranso pamalo pake. Atabwerera kuseri anandigwira dzanja osanena kanthu, kenako wotsatira anali atafika kale, batani lake litathothoka, ndipo ndinatola singano.