Kulumikiza chingwe cha fani kapena simbi chikaduka

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Fani iyi khoswe adatafuna chingwe chake pakati, ndiye tiikonza pompano nonse mukuona.

Choyamba, zulani pulagi pakhoma, ikhale m'manja mwanu. Kuthimitsa swichi kokha sikukwanira. Ngakhale magetsi atazima dera lonse, zulanibe, chifukwa amabwera osaodira, ndipo mphamvu yake ndi mavoti 230.

Tsopano dulani mbali yonse yowonongekayo, musaumire. Sendani khungu lakunja masentimita 8 mbali zonse ziwiri, mosamala kuti mpeni usacheke mawaya am'kati. Mupezamo wa bulauni, umene umabweretsa moto, ndi wa buluu. Chingwe chikakhala cha mawaya atatu, wachitatuwo ndi wobiriwira ndi chikasu, wa efi, umene umakutetezani moto ukadumphira pachitsulo. Mtundu ndi mtundu unzake, osasinthanitsa, ndipo wa efi musausiye lende.

Apa mvetsetsani bwino. Mfundo zisakhale malo amodzi. Mbali iyi wa bulauni ndaufupikitsa, wa buluu ndausiya wautali. Mbali inayi ndachita mosemphana. Mwaona? Mfundo zatalikirana masentimita 3. Tepi ikadzasomphoka tsiku lina, mkuwa sudzakhudzana n'kuchita shoti. Sendani nsonga iliyonse, pombani timawaya tonse molimba ndi pulayala, kasatsale kamodzi kotuluka. Amene muli ndi soda, mtovu uja amasungunula polumikiza mawaya, wotchererani, mfundo imalimba koposa. Kokani pang'ono: ikasolotoka, yambiraninso.

Kulungani mfundo iliyonse payokha ndi tepi ya magetsi, mukuikoka kuti igwire, mizere itatu, kenaka zonse pamodzi mpaka tepi ikwere pakhungu lakunja mbali zonse. Selotepi ayi, jumbo ayi. Zimenezo zimasungunuka, ndipo m'nyumba muli ana okwawa.

Mayi kumbuyoko mwafunsa za simbi. Pamenepo ndilankhula mosapsatira: chingwe cha simbi musachilumikize pakati. Fani yapatebulo imadya mawati 50 kapena kuposerapo pang'ono, koma simbi ya mawati 1,200 imakoka maampu oposa 5, ndiye mfundo yolobodoka imatentha. Komanso posita chingwe chimangopindika uku ndi uku, n'kumakhudza chitsulo chamoto. Chikaonongeka pafupi ndi pulagi, dulani pamenepo, mumangenso mawaya m'pulagi: wa bulauni kumene kuli fyuzi, wa buluu kumanzere, wa efi pamwamba, ndipo kapani kam'pulagi kopanira chingwe kagwire khungu lakunja. Chikaonongeka pakati, gulani chingwe chathunthu cha simbi, chija chokutidwa ndi ulusi, chimene chimapirira kutentha.

Fyuzi ikapsa musaikemo waya kapena pepala lonyezimira. Ya fani ndi ya maampu 3, ya simbi 13.

Tiyeni tiyatse fani yathu. Izungulire mphindi khumi, kenaka tizule pulagi tigwire pamfundo. Pakafunda, pakanunkha pulasitiki, kapena fani ikamadukiza mukagwedeza chingwe, mfundoyo sinagwire, idulidwe. Bambo apa kutsogolo, bwerani mugwireko mutiuze.