Intavyu ya pa vidiyo: zoti ufunse tsikulo lisanafike

Mphwanga, wadzuka bwanji? Ndamva zoti akuitana ku intavyu ya pa vidiyo, ndiye tamvetsera.

Lero lomwe, uyankhe imelo ya olemba ntchitowo. Uwafunse kuti mukumana pa Zoom, Microsoft Teams kapena Google Meet. Usangoganizira ayi. Akakuuza, pulogalamuyo uiike lero, chifukwa ukadikira tsikulo, iwo akhala akukudikira iwe uli pakalikiliki kuitsitsa. Linki akutumizire pa imelo. Ngati ndi Zoom, upemphenso Meeting ID ndi Passcode, uzilembe papepala. Linki ikakana kutseguka, umangolemba manambalawo n'kulowa. Ngati ali kudziko lina, ufunse kuti ola atchulalo ndi lakwawo kapena lako.

Za kamera tsopano. Tsegula zoom.us/test, udziona wekha komanso udzimva mawu. Makina akafunsa za kamera ndi maikolofoni, dina Allow. Ukadina Block, udzalowa inde, koma osaoneka, osamveka. Zenera likhale kutsogolo kwako. Likakhala kumbuyo, nkhope imada bii, iwo amangoona mthunzi. Laputopu uisanjikize pamabuku mpaka kamera ilingane ndi maso, apo ayi adzakhala akukuona m'mphuno. Uonenso dzina lomwe likutuluka pansi pa chithunzi chako, lisakhale dzina la foni kapena lachibwana lija anzako amakuitanira.

Koma chachikulu ndi nambala ya foni. Uwalembere chonchi: "Netiweki ikadula tili mkati, ndiimbe nambala iti? Muimba ndinu kapena ndiimbe ine?" Funso lachiwirilo anthu amaliiwala, ndiye zikadula aliyense amangokhala chete kudikira mnzake, kapena nonse mumaimba nthawi imodzi mafoni n'kumakanika kulowa. Nambalayo ikhale ya munthu amene adzakhale pa intavyupo kapena amene akukonza msonkhanowo, osati ya polandirira alendo, poti kumeneko sadziwa n'komwe kuti iwe ndiwe ndani. Nawenso uwapatse yako.

Tinene kuti mwayamba 10 koloko, pakati pa yankho lako chithunzi chauma. Usathamangire kuzimitsa chilichonse. Dikira pang'ono, tuluka, ulowenso ndi linki yomweyo. Zikakanika kawiri, imba, unene mwachidule kuti netiweki yadula ndipo ndiwe wokonzeka kupitiriza pa foni.

Eya, ndingaiwale. Ngati vidiyoyo ukuchitira pa foni, kapena foniyo ndi imene ikupereka intaneti ku laputopu, wina akangoimba akhoza kukudulira. Choncho nambala yowapatsa ikhale ya foni ina ngati ilipo, yotchajidwa, yokhala ndi mayunitsi, ili pambali pako pomwepo.

Ulowe kutatsala mphindi 10. Ukaona uthenga woti udikire akulowetse, usatuluke, palibe chalakwika. Akakuyankha imelo ija unditumizire linkiyo ndione ngati yakwana. Tionana.