Makalata a omvera: ovaloko ya a telala ndi tageti ya achimwene a sola

"Zikomo awulutsi, ine ndine telala kuno ku Mponela. Ndikufuna pofika kumapeto kwa Seputembala ndigule mashini a ovaloko, andiuza kuti ndi K650,000. Ndikuyamba mu Julaye muno ndilibe kanthu. Yunifolomu imodzi ndikachotsa nsalu, ulusi ndi mabatani imandisiyira K5,000 ndipo ndikalimbika ndimasoka zitatu patsiku, za ndiwo pakhomo zimachokera pa zigamba ndi mazipi. Pulani ndimapanga koma mwezi umangotha osaona chomwe ndachita. Nditani?"

Mayi zikomo kwambiri, ndipo mwachita bwino kulemba manambala anu chifukwa apa tili ndi pogwira. Tengani kope tiwerengere limodzi. Kuyambira pa 1 Julaye kufika pa 30 Seputembala ndi masabata 13, ndiye munthu wina angokuuzani kuti gawani K650,000 ija pa 13 muzisunga K50,000 sabata iliyonse basi. Samuyo ndi yolondola koma siikuuzani choti muchite Lolemba m'mawa mukatsegula shopu. Ndalama simungaisoke mayi, chomwe manja anu angachite ndi yunifolomu, ndiye tiisandutse kaye: K650,000 pa K5,000 ndi mayunifolomu 130. Cholinga chanu chenicheni ndi chimenecho, 130 osokedwa, otengedwa, olipiridwa.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Makolo sagula yunifolomu mu Julaye, amadzakhamukira sukulu ikatsala pang'ono kutsegulira mu Seputembala, tinene masabata anayi, kuyambira sabata ya 9 mpaka ya 12. Inu mumasoka zitatu patsiku, masiku 6 pa sabata ndi 18, masabata anayi ndi 72. Mwaona? Ngakhale anthu atadzaza pakhonde mpaka kumsewu, manja anu athera pa 72, zotsala 58 zilibe nthawi yosokera. Ndiye zimenezo zikuyenera kusokedweratu kudakali zii, ndipo ntchito ya Julaye ndi Ogasiti ndi imeneyo.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri musathamangire kudula nsalu. Yendani m'sukulu zitatu kapena zinayi zomwe ana a m'dera lanu amapita, mufunse ahedi ngati mtundu wa yunifolomu sukusintha, mukafunse mtengo wa nsalu pa mpukutu osati pa mita, komanso muimbire makasitomala anu akale, tinene asanu patsiku, kuwauza kuti wopereka dipoziti ya theka pano mtengo sumukwerera. Dipoziti imeneyo ndi yogulira nsalu, musaiwerengere ngati phindu ayi, ilembeni patsamba lake. Kuchokera sabata yachitatu mpaka ya 8 muzisoka 10 pa sabata, zomwe ndi ziwiri patsiku Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi ya zigamba ikutsalabe. Masabata 6 amenewo akupatsani 60, kuphatikiza 72 zija ndi 132, ziwiri zapamwambazo ndi za zomwe zingalakwike podula. Sabata ya 13 musaiikire ntchito, isiyeni, pamudzi pamagwa maliro, mwana amadwala, singano ikhoza kuvuta, sabata imeneyo ndi yokwirira mabowo.

Loweruka lililonse musanatseke, mphindi zochepa chabe, lembani zinthu zitatu mu kope muja: zomwe mwasoka sabata imeneyo, zomwe zili ndi mwini wake wopereka dipoziti, ndi phindu lomwe lalowadi m'manja. Wonena kuti ndidzakupatsani pakutha pa mwezi asalowe pa mzere wachitatuwo, ngongole siigula ovaloko. Ndipo phindulo lisagone m'kabati ya mashini momwe mumatengamo chenji, liikeni pa Mpamba kapena Airtel Money, pa nambala yomwe simugulira mayunitsi.

Kupatula Loweruka, pakhale malo atatu oima n'kuyang'ana bwinobwino. Kutha kwa sabata yachinayi pahang'ala pakhale 20. Mukapeza 18 palibe chodandaula, onjezani imodzi pa sabata. Koma mukapeza 11 musangoti ndilimbikira, funsani chomwe chadya masikuwo. Ngati nsalu inatha ndiye vuto ndi madipoziti, bwererani pa foni. Ngati nsalu ilipo koma tsiku limathera pa zigamba, ikani lamulo loti m'mawa mpaka 12 koloko ndi yunifolomu zokhazokha, zigamba masana.

Kutha kwa sabata ya 8 ndiye poima pofunika kwambiri. Zikhale 60, ndipo ine ndingakonde kuti mwa zimenezo 40 zikhale ndi mayina kale. Zikakhala 60 koma za eni ake ndi 15 zokha, imani kaye kusoka za masaizi ongoganizira, chifukwa mukhoza kudzatsala ndi mulu wa madiresi a sitandade 1 pomwe anthu akufuna a ana okulirapo, ndalama yanu itagona mu nsalu. Sabata yomweyo muimbirenso ogulitsa mashini aja, mitengo masiku ano siikhala malo amodzi. Akati tsopano ndi K700,000 ndiye kuti mayunifolomu 10 owonjezera, ndipo ndi bwino kudziwa mu Ogasiti sabata ya 13 ija ikadalipo yoti muwasokere.

Poima pomaliza ndi sabata ya 10, zosokedwa zikhale 96 ndipo apa yang'anani kwambiri mzere wa ndalama. Musadabwe kuti mu Julaye monse mzere umenewo unali pafupifupi wopanda kanthu, pulaniyi ndi mmene ilili, koma pofika pano ukuyenera kumakwera tsiku ndi tsiku. Ngati zosoka zikutuluka koma ndalama siikukwera, pali zomwe zikutengedwa pa ngongole. Mudzatilemberenso mayi, timve kuti pa sabata yachinayi panali zingati.

"Moni awulutsi, ine ndi mnyamata wa ku Balaka, ndimagulitsa magetsi a sola olipira pang'onopang'ono. Abwana andipatsa tageti ya makasitomala 39 pa miyezi itatu. Sabata zina ndimagulitsa asanu zina ziro, mtima sukhala m'malo."

Achimwene, 39 pa masabata 13 ndi atatu pa sabata, koma kuti munthu agule si inu mumalamula, inu mumalamula makomo omwe mwagogoda. Bwererani pa miyezi itatu yapitayi muwerenge anthu omwe munawayatsira nyali kuwaonetsa, ndi angati mwa iwo anagula. Tiyerekeze mwapeza kuti pa anthu 8 amagula mmodzi, ndiye kuti sabata yanu ndi anthu 24 oonetsedwa, anayi patsiku, ndipo nambala yolemba madzulo aliwonse ndi imeneyo. Ngati simunalembepo chiyambire, masabata awiri oyamba akhale opezera nambalayi.

Sabata imodzi ya ziro isakusowetseni tulo ngati 24 aja anakwana, anthu ambiri amati mubwerenso ndikagulitsa mbuzi, ndiye Lachisanu likhale lobwerera kwa amenewo. Muziweruza pa masabata anayi: ogula akhale atakwana 12 pa sabata yachinayi, 24 pa ya 8. Mukapeza kuti oonetsedwa akukwana koma ogula ndi 7 m'malo mwa 12, kuyenda kwambiri sikuthandiza, sinthani dera kapena tsiku, yesani la msika pomwe anthu ali ndi ndalama m'thumba, ndipo abwana anuwo muwaonetse kope lanu sabata yomweyo muwapemphe ayende nanu tsiku limodzi amve mmene mumafotokozera za kalipiridwe.