Datamu A, B, C ndi mabowo anayi: tilembe dirowing'i ya puleti imodzi mpaka ithe

[Pa tebulo pali puleti ya chitsulo, veniya ndi mabawuti anayi]

Muli bwanji anzanga. Puleti imene ndanyamulayi ndi ya mamilimita 200 mulitali, 120 mulifupi, kukhuthala 15, ili ndi mabowo anayi m'makona, ntchito yake ndi kukhala pamwamba pa fulemu ya makina n'kumangidwa ndi mabawuti a M8. Lero tikhala pa puleti yomweyi mpaka kumapeto.

Ndinayamba kusamala nkhani imeneyi tsiku lina mapuleti onga awa atabwera kuchokera ku wekishopu ina, titayeza ndi veniya nambala zonse zinali bwinobwino, kutalika, kukhuthala, kukula kwa mabowo, koma poyika pa fulemu mabawuti awiri analowa ena awiri anakana, ndipo puletiyo ukaidina pakona imagwedera. Amene anaidula sanalakwe kanthu. Dirowing'i sinanene kuti muyezo uyambire pati, ndiye bowo lina anayeza kuchokera mbali iyi, lina kuchokera mbali inayo, ndipo panalibe pamene panalembedwa kuti nkhope ya pansi ikhale yosalala motani.

Ndiye tiyambe ndi datamu. Datamu ndi poyambira miyezo, ndipo simusankha poti apa ndi posavuta kulemba ayi, mumafunsa kuti kodi chinthuchi chikamangidwa chimakhala pa chani? Yathuyi imakhala pa nkhope ya pansi, yaikuluyi. Imeneyo ndiye A. Pa dirowing'i mujambula katirayango kakang'ono kogunda nkhopeyo, kamzere, kenako chilembo A m'kabokosi.

[Akuyika puleti pa mwala wa giranaiti woyezerapo]

Onani apa. Ndisanaiyike, puletiyi imatha kuyenda m'njira zisanu ndi imodzi, kutsetsereka mbali zitatu komanso kutembenuka mbali zitatu. Ndikaikhazika pa mwalapa yagunda malo osachepera atatu ngati mphika pa mafuwa, moti singatsikenso, singapendekere uku kapena uku. Zitatu zatha. Koma ikutsetserekabe pamwamba pa mwala, ikuzunguliranso. Ndiye ndikukankhira mbali yaitali ija ya 200 ku chitsulo chowongokachi, yagunda malo awiri, yasiya kuzungulira, iyi ndi B. Chatsala ndi kutsetsereka motsatira chitsulocho basi, ndikankhira mbali yaifupi ku kapini aka, malo amodzi, iyi ndi C. Atatu, awiri, amodzi. Mukamva amisiri akunena za 3-2-1 ndi zimenezi.

Bwanji B ikhale mbali yaitali osati yaifupi? Chifukwa malo awiri ogundawo akatalikirana puleti imaima nji, pomwe pa mbali yaifupi kachiphuphu kakang'ono ka chitsulo kamapotoza puleti yonse ndipo cholakwikacho chimakula pofika kumapeto enawo. Komanso dongosolo la zilembo m'bokosi lili ndi tanthauzo. A, B, C ndi A, C, B si chinthu chimodzi, chifukwa mbali ziwirizi sizipanga kona ya madigiri 90 ndendende, ndiye imene yayamba kugunda ndi imene ikulamula. Ndi chifukwa chakenso ine ndimaikapo kachizindikiro kooneka ngati T yozondoka pa B, 0.1 kutengera A, ndi pa C kutengera A ndi B, kuti mbalizo zisapendeke mopitirira.

Tsopano fulatinesi, kusalala kwa nkhope. Chizindikiro chake ndi kabokosi kopendekera.

[Pa sikirini]

```
| ⏥ | 0.05 |
```

Tanthauzo lake: ganizirani magalasi awiri osalala kwambiri, lina pamwamba pa linzake, pakati pake mpata wa 0.05. Nkhope yonse ya A, mapiri ake ndi zigwa zake, ikwane mumpatamo. Ndipo taonani bokosili, mulibe chilembo cha datamu. Fulatinesi sitengera datamu iliyonse, nkhope ikudziyerekeza yokha. Mukaona wina walemba A kumapeto kwa bokosi la fulatinesi dziwani kuti mwina amafuna kunena kuti nkhope ziwiri ziyendere limodzi osapatukana, ndipo chimenecho chili ndi chizindikiro chake cha timizere tiwiri topendekera.

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, pa kayezedwe. Munthu atenga maikiromita, ayeza kukhuthala m'makona onse ndi pakati, paliponse 15.00, ndiye akuti yasalala. Ayi. Puleti itha kupindika ngati nthochi koma kukhuthala kuli chimodzimodzi paliponse, maikiromita sangakuuzeni. Wina aigoneka pa mwala n'kuyendetsa dayo geji pamwamba, apanso zimene akuwerengazo zasakanikirana ndi mmene nkhope ya pansi yakhalira. Njira yake ndi iyi, nkhope imene mukuyezayo iyang'ane kumwamba, puleti ikhale pa timajeki titatu, musinthe timajekito mpaka geji iwerenge ziro pamwamba pa kajeki kalikonse, kenako muyendetse geji paliponse, m'mbali, pakati, kudutsa m'makona. Muvi ukakwera kufika +0.02 n'kutsika kufika -0.02, kusiyana kwake ndi 0.04, ili mkati mwa 0.05. Ngati mulibe mwala, rula yowongoka ya amisiri ndi timapepala ta fila geji zikupatsani chithunzi, koma pa 0.05 musazidalire kwambiri.

Ndipo chonde yezani puleti itamasulidwa. Mu vaisi imaoneka yosalala chifukwa yapanidwa, mukangomasula imabwerera, makamaka chitsulo chimene anachipsinja chili chozizira ku fakitale, chimakhala ndi mphamvu yobisika mkati ndipo mukasenga nkhope imodzi yokha chimapindika. Kusenga pang'ono uku, kutembenuza, pang'ono uku, kumasula, kenako kumaliza mopepuka, kumathandiza kwambiri. Musalembenso 0.01 pongofuna kuti dirowing'i ioneke yapamwamba, nambala imeneyo nthawi zambiri ikutanthauza kupita pa makina a girainda, ndipo mtengo ukwera pa chinthu chongokhala pa fulemu.

Tifike pa mabowo. Kale timalemba 20 ±0.1 kuchokera mbali iyi, 20 ±0.1 kuchokera mbali inayo. Pamenepo pakati pa bowo mwapapatsa kabwalo ka makona anayi, 0.2 uku 0.2 uku. Koma pakati pa bowo pakapita pakona ya kabwaloko patalikira ndi 0.14, ndipo mwavomera. Bowo lina likapatuka 0.13 molunjika mbali imodzi mwalikana, chonsecho lili pafupi kuposa lija mwavomera. Bawuti ndi yozungulira, bowo ndi lozungulira, sizisamala kuti kupatukako kwalowera kuti. Ndiye pozishoni, chizindikiro chonena malo amene pakati pa bowo payenera kukhala, imapereka malo ozungulira. Bwalo la 0.28 lozungulira kabwalo kaja lili ndi malo ochuluka ndi 57 peresenti, kulowa kwa bawuti osasintha.

Polemba, miyezo ya malo a mabowo muyika m'mabokosi popanda ± iliyonse: 20 kuchokera ku B, 20 kuchokera ku C, 160 pakati pa mabowo mulitali, 80 mulifupi. Nambala ya m'bokosi ikunena malo enieni opanda cholakwika, kupatuka konse kololedwa kuli m'bokosi ili:

[Pa sikirini]

```
4X ⌀9.0 +0.2/0
| ⌖ | ⌀0.5 Ⓜ | A | B | C |
```

Nanga 0.5 yachokera kuti? Sindinangoitola. Bowo likachepetsetsa ndi 9.0, bawuti ikakulitsitsa ndi 8.0, mpata ndi 1.0. Zikanakhala kuti bawuti ikudutsa momasuka m'zitsulo zonse ziwiri n'kumangidwa ndi nati kuseri, chitsulo chilichonse chikanatenga 1.0 yonse. Koma fulemu yathu ili ndi mabowo a mazinga, bawuti ikalowa singasunthe, ndiye 1.0 ija tigawana, 0.5 ya puleti, 0.5 ya fulemu. Mukasokoneza ziwirizi mupeza zija ndinapeza ine, nambala zili bwino koma bawuti ikukana.

Tiyeni tiyeze bowo ili. Puleti yakhala pa A, yagunda B, yagunda C, mwa dongosolo lomwelo. Kuchokera ku C ndapeza pakati pa bowo pali pa 20.18, kuchokera ku B pali pa 19.80. Ndiye lapatuka 0.18 uku, 0.20 uku.

[Pa sikirini]

```
2 × √(dx² + dy²)
2 × √(0.18² + 0.20²) = 0.54
```

Musaiwale 2 ameneyo, ambiri amaiwala. Chimene chatuluka pansi pa ruti ndi mtunda kuchokera pakati, 0.27, pomwe 0.5 ya pa dirowing'i ndi kukula kwa bwalo lonse kuchokera mbali ina kufika ina. Tapeza 0.54, yaposa 0.5. Ndiye tiitaye?

Dikirani kaye, onani M ali m'kabwaloyo. Akunena kuti 0.5 ikugwira pamene bowo lili laling'ono kwambiri, pa 9.0, pamene chitsulo chatsala chambiri. Bowo likakula mpata wa bawuti wakulanso, ndipo chowonjezeracho chimapita ku toleransi, kupatuka kololedwa kuja. Lathuli ndayeza ndi 9.12, bonasi ndi 0.12, ndiye chololedwa ndi 0.62. 0.54 ili mkati, puleti ndi yabwino, bawuti ilowa. Popanda M ameneyo puleti yabwinobwino ikanapita ku sikirapu. Koma malire alipo, bowo silingapose 9.2, ndiye pozishoni singapose 0.7 zivute zitani. Ndiponso M si wa paliponse, pa bowo la pini yothina yoimitsa zinthu pamalo enieni musamuike, kumeneko simukufuna mpata.

Ubwino wina wa M, ngati mapuleti ndi ambiri mutha kupanga geji, chitsulo chosalala chokhala ndi pogunda B ndi C ndi mapini anayi a 8.5, kutanthauza 9.0 kuchotsa 0.5, ataima pamalo enieni. Puleti ikalowa n'kukhala pansi ikugunda B ndi C, pozishoni yadutsa, chatsala ndi kuyeza kukula kwa mabowo pakokha.

Chomaliza, pansi pa dirowing'i lembani lamulo limene mukutsata, kaya ASME Y14.5 ya ku Amereka, imene yatsopano yake ndi ya 2018, kaya ISO 1101 pamodzi ndi ISO 5459 ya madatamu. Zizindikiro zimafanana kwambiri koma pali kusiyana kumene kukukhudza puleti yathu. Mu ASME toleransi ya kukhuthala imaletsanso kupindika, puleti ikakhuthala kufika pa malire a pamwamba iyenera kukhala yowongoka ndithu, pomwe mu ISO kukhuthala ndi kusalala chilichonse chimayenda pachokha pokhapokha mutaika E m'kabwalo pafupi ndi muyezowo. Ndiye ngati mukulemba mwa ISO ndipo fulatinesi ya pa A mwaisiya, chimene chatsala kugwira nthochi ija ndi toleransi wamba ya pansi pa pepala, ngati munailemba.