Chikuto, mutu ndi tsiku lotulutsira katuni pa YouTube

Zikomo amayi, abambo ndi achinyamata nonse amene mwasonkhana kuno ku Kawale masana ano. Popeza ambiri mwa inu mumadziwa kale kujambula makatuni, ndilankhula za ntchito imene imatsala katuniyo ikatha. Tiyerekeze kuti gulu lathu likukonza nthano za Kalulu m'magawo 8, gawo lililonse la mphindi 3, ndipo tikufuna kuziika pa YouTube.

Munthu asanaonere gawo lathu, amayamba waona chithunzi chapachikuto. Chithunzichi timachikonza pa mapikiselo 1280 chopingasa ndi 720 choimirira, koma tisanyengeke ndi mmene chimakongolera pa kompyuta, chifukwa woonera wathu adzachiona pa foni, mwina ali m'minibasi yopita ku Area 25, ndipo nthawi zina chidzachepa mpaka kufanana ndi bokosi la machesi. N'chifukwa chake sitijambulapo nkhalango yonse ndi nyama zake. Ngati m'gawo lachitatu Kalulu akunamiza Fisi pachitsime, tiikepo nkhope ziwiri zokha, ya Kalulu akuseka mochenjera ndi ya Fisi atatong'ola maso, kumbuyo kwawo kukhale mtundu umodzi wosiyana ndi wa ubweya wawo. Mawu apachikuto asapitirire atatu, ndipo asakhale pansi chakumanja, pakuti pamenepo YouTube imalembapo kutalika kwa vidiyo. Mukamaliza, tumizani chithunzicho pa foni, muchichepetse n'kumuonetsa mwana wa m'nyumba mwanu. Akalephera kunena zimene zikuchitika, bwererani pa kompyuta. Dziwaninso kuti simungaike chikuto chodzikonzera nokha musanatsimikizire tchanelo chanu ndi nambala ya foni.

Mutu umaloledwa kufika zilembo 100, koma m'malo ambiri umadulidwa usanathe, choncho mawu okopa ayenera kukhala koyambirira. Ambiri amalemba kuti "Nthano za Kalulu Gawo 3", ndipo magawo onse amaoneka ngati amodzi. Ine ndingalembe kuti "Fisi wagwera m'chitsime | Nthano za Kalulu, Gawo 3", kuti mlendo akopeke ndi chochitikacho, pamene wotsatira wathu wakale apeze nambala yake kumapeto. Ngati pachikuto talemba kuti "Thawa, Kalulu!", mutu usabwerezenso mawu omwewo.

Nanga tidziwa bwanji ngati zagwira? Mu YouTube Studio, tsamba loyang'anirira tchanelo chanu, muli chiwerengero chotchedwa Impressions click-through rate, chimene chimatiuza kuti mwa anthu 100 alionse amene anaonetsedwa chikuto chathu, ndi angati anadina. Eni ake a YouTube amati theka la matchanelo limapeza pakati pa 2 ndi 10. Chiwerengerochi chikatsika kuposa cha magawo athu ena, pamene ochepa amene adinawo akuonera mpaka kumapeto, vuto lili pa chikuto kapena mutu, ndipo zonsezi tingazisinthe popanda kuchotsa vidiyo. Koma ngati odina ndi ambiri ndipo akuchoka m'masekondi 30 oyamba, ndiye kuti chikuto chinalonjeza zimene gawolo likuchedwa kuonetsa, mwina chifukwa cha nyimbo yotsegulira yaitali. Munthu wogula bandulo ndi ndalama yake sadikira.

Tsopano pa za masiku, pamene ndaona magulu ambiri akugwa. Tikamajambula zithunzi 12 pa sekondi, gawo la mphindi 3 limafuna zithunzi 2,160, ndiye tiyerekeze kuti gulu lathu limatha gawo limodzi m'masabata atatu. Tikalonjeza kutulutsa gawo pa masabata awiri alionse, gawo lachisanu ndi chitatu lidzafunika patapita masabata 14 chitulutsireni loyamba, ndipo m'masabata amenewo tingamalize magawo anayi okha. Choncho tiyenera kukhala ndi magawo anayi okonzeka tisanatulutse loyamba. Tikayamba ndi atatu, lomaliza lidzachedwa ndi sabata yathunthu, ndipo apa sitinawerengere kuzima kwa magetsi, maliro kapena matenda a amene amalankhula mawu a Fisi. Ine ndimakonda kuyamba ndi asanu.

Magawo okonzekawo alowetseni msanga pa tsiku limene intaneti ikuyenda bwino, kenako musankhe Schedule ndi kuika tsiku ndi ola, mwachitsanzo Loweruka 4 koloko masana, mutaonetsetsa kuti nthawiyo ndi ya kuno kwathu. Mayi wina pakati panu anafunsa poyamba paja ngati oonera adzalandira uthenga gawo likatuluka. Amayi, ngati katuniyo mwailembetsa kuti ndi ya ana, YouTube imatseka ndemanga ndi belu lodziwitsa anthu, choncho tsiku la gawo lotsatira lilembedwe kumapeto kwa gawo lililonse, ndipo Kalulu mwiniwake alitchule pakamwa kuti ana osatha kuwerenga alimve.