Uthenga wa mawu kwa otaipa mapepala akale: zidindo ndi zolemba pamanja

Mwadzuka bwanji nonse? Mundimvetsere pang'ono musanayambe kutaipa mafomu a nthawi ya Nyasaland amene tinajambula aja. Papepala limodzi pamakhala ntchito ya anthu angapo, ndipo aliyense anaikapo zake pa tsiku lake. Wosindikiza anayamba, kalaliki n'kudzalemba m'mipata, wina n'kudinda chidindo, bwana n'kulemba m'mphepete. Mukaphatikiza zonsezi m'chiganizo chimodzi chosalala, wodzawerenga sadzadziwa kuti analemba chiyani ndani.

Choncho tsamba lililonse mulidutse katatu. Ulendo woyamba taipani zosindikizidwa zokha, ndipo pamene pali mpata siyani mpata. Ulendo wachiwiri lowetsani zolemba pamanja. Zidindo zibwere pomaliza.

Tiyeni titenge chitsanzo. Tinene kuti fomu inasindikizidwa ndi 19 kenako kamzere, ndipo kalaliki anawonjezera 52 ndi inki. Musangolemba 1952 ayi. Lembani 19, kenako mutsegule bulaketi, muikemo mawu akuti pamanja ndi 52, n'kutseka. Chifukwa chake n'chakuti mafomu ankakhalitsa m'kabati, ndiye chaka chosindikizira ndi chaka cholembera zimatha kutalikirana. Ndalemba chitsanzochi pansi pa uthengawu kuti muone:

```
19[pamanja: 52]
[chokhwatchidwa: 7/6] [pamwamba pake, inki ina: 10/-]
[chidindo chozungulira, pansi kumanja] MLANJE 14 [chosawerengeka] 1952 [mathero a chidindo]
```

Mzere wachiwiriwo ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Mukaona 7/6 pafupi ndi ndalama, limenelo si deti la pa 7 Juni. Ndi mashereni 7 ndi makobiri 6. Kwacha inabwera mu 1971. Isanabwere, anthu ankawerenga mapaundi, mashereni ndi makobiri: makobiri 12 ankapanga shereni imodzi, mashereni 20 n'kupanga paundi. Nayenso 10/- ndi mashereni 10 opanda kobiri, ndiye kamzere kakumapetoko musakataye. Ndipo chimene chinakhwatchidwa musachisiye poganiza kuti mwini wake anachikana kale. Chilembeni, munene kuti n'chokhwatchidwa, kenako mulembe chimene anaika m'malo mwake. Ngati inkiyo ndi yosiyana, nenani, popeza zimenezo zimasonyeza kuti kusinthako kunachitika nthawi ina, mwinanso ndi munthu wina.

Pa zidindo, nenani maonekedwe ake ndi pamene chili, kenako mukopere mawu monga momwe alili. Chikati MLANJE, lembani MLANJE, osati Mulanje. Chikati PORT HERALD, musachisandutse Nsanje, ngakhale tonse tikudziwa kuti ndi komweko. Dzina la lero lili ndi malo ake m'danga la ndemanga. Zidindo zambiri zimatuluka mbali imodzi yokha chifukwa wodindayo anapendeketsa dzanja. Mwezi ukakhala kuti sunatuluke, lembani kuti chosawerengeka. Musautenge pa deti la kalatayo, chifukwa chidindo nthawi zambiri chimanena tsiku limene pepala linafika mu ofesi, osati limene linalembedwa, ndipo kusiyana kwa masikuwo n'kumene wofufuza akufuna. Mukapeza chidindo china cha ofesi yomweyo chooneka bwino patsamba lina, mukhoza kudzaza mawu osowawo, koma muwaike m'mabulaketi ndi chizindikiro cha funso. Deti lokha musadzaze, limasintha tsiku ndi tsiku.

Nanga zolemba zikakwerana? Kulitsani chithunzi pamene mizere iwiri yadutsana. Nthawi zina mzere wapamwamba umaoneka wosaduka, wapansiwo n'kubisika. Koma pachithunzi diso limanama, makamaka inki zonse zikakhala zakuda, ndiye mukakayika ingolembani kuti zakwerana, osanena chimene chinayamba.

Za m'mphepete tsopano. Musazilowetse pakati pa chiganizo chosindikizidwa. Malizani ndime yonse, kenako muziike pansi pake, munene kuti zili kumanzere kapena kumanja, moyang'anana ndi mzere uti, komanso ngati ndi pensulo kapena inki. Pakakhala kamuvi kapena kanyenyezi kolozera mawu ena, tchulani mawu amene kakulozawo. Mudzaona kawirikawiri zilembo monga B.U. ndi deti, kumene kunali kuuza kalaliki kuti adzabweretsenso failoyo pa tsiku limenelo, kapena P.A., kutanthauza kuti ikasungidwe. Zikopereni choncho, osazitambasula.

Siginecha yosawerengeka musaipatse dzina longoganizira, lembani kuti siginecha basi. Chimodzimodzi chidindo cha chala: nenani kuti chilipo, ndipo dzina limene lalembedwa pambali pake mulisonyeze kuti ndi dzanja la wina, chifukwa kawirikawiri analemba ndi kalaliki. Yambani ndi masamba asanu okha, munditumizire ndione tisanapitirire.