Kugwirizanitsa mawu ndi chithunzi choyenda: chitsanzo cha phunziro la mitambo

PA SIKIRINI: Pakuoneka pepala logawidwa pakati ndi mzere wotsika.

WOFOTOKOZA: Tiyerekeze kuti mukukonza vidiyo ya mphindi imodzi yophunzitsa ana a sukulu mmene madzi a m'nyanja amasandukira mitambo. Musanajambule chilichonse, gawani pepala lanu pawiri. Kumanzere muzilemba mawu amene adzamveke, ndipo kumanja muzilemba chimene chidzayende pa sikirini mawuwo akamamveka. Chiganizo chilichonse chikhale ndi chinthu chimodzi chokha choyenda, chifukwa mwana amene akumvetsera sangathenso kutsatira mivi itatu nthawi imodzi.

PA SIKIRINI: Kumanzere kwa pepala kukulembedwa chiganizo choyamba.

WOFOTOKOZA: Chiganizo chathu choyamba n'chakuti, “Dzuwa likatenthetsa nyanja, madzi ena amasanduka nthunzi n'kukwera m'mwamba.” Mukachiyang'anitsitsa mupeza kuti muli zochitika zitatu, zomwe ndi kutenthetsa, kusanduka ndi kukwera. Zimenezi zikutanthauza kuti chiganizochi chiyenera kudulidwa patatu, ndipo chidutswa chilichonse chiyang'anizane ndi kuyenda kwakekwake kumanja kwa pepala.

Tsopano chiwerengeni mokweza, modekha ngati mmene mungayankhulire m'kalasi, wotchi ili m'manja. Musadalire kuwerenga kuchuluka kwa mawu, popeza mawu ena ndi aatali kuposa anzake. Tinene kuti chatenga masekondi 6, ndipo mawu akuti “amasanduka nthunzi” ayamba pa sekondi yachitatu pomwe “n'kukwera” wamveka pa sekondi yachisanu. Ngati vidiyo yanu ikuonetsa mafulemu 25 pa sekondi, kutanthauza zithunzi zoima zimene zimatsatizana mofulumira n'kupanga chithunzi choyenda, ndiye kuti chiganizo chonse chili ndi mafulemu 150, timadontho toimira nthunzi tiyambe kuoneka pa fulemu 75, ndipo tiyambe kukwera pa fulemu 125. Ichi ndicho chifukwa chake mawu amajambulidwa poyamba, zithunzi n'kubwera pambuyo. Kusuntha muvi wosonyeza kukwera kwa nthunzi ndi mafulemu khumi n'kosavuta, koma kufulumizitsa mawu kuti apezane ndi muvi kumachititsa wofotokoza kumveka ngati akuthamangitsidwa.

PA SIKIRINI: Muvi ukukwera wofotokoza adakanena za dzuwa. Kenako chithunzi chomwecho chikubwerezedwa, muvi ukudikira mawu ake.

WOFOTOKOZA: Onani chimene chimachitika muvi ukafulumira. Maso a mwana amathamangira chimene chayenda, ndipo mawu onena za kutentha kwa dzuwa amangomudutsa, pamene kutenthako ndiko gwero la zonse zimene zikutsatira. Muvi ukachedwa, mwana amamva mawu akuti “n'kukwera” n'kumafufuza pa sikirini chinthu chimene kulibe. Chiganizo chikatha, siyani masekondi awiri opanda mawu, omwe ndi mafulemu 50, kuti timadontho timalize ulendo wake mwanayo akuona.

Pali vuto lina limene ine ndimaliona kukhala lalikulu kuposa la nthawi, ndipo ndi chithunzi chonena zosiyana ndi sayansi ngakhale mawu ali olondola. Anthu ambiri amajambula nthunzi ngati utsi woyera wochokera pamadzi obwadamuka. Mwana akaona zimenezi amaganiza kuti nyanja imawira, pamene madzi amasanduka nthunzi pang'onopang'ono ngakhale asanafike pa madigiri 100, monga mmene chovala chonyowa chimaumira pachingwe. Komanso nthunzi yeniyeni sioneka ndi maso. Choyera chimene timachiona kumwamba ndi timadontho ting'onoting'ono ta madzi, kapena timiyala ta ayezi, timene timapangika mpweya wokwerawo ukazizira. Choncho kumanja kwa pepala lembani kuti pamwamba pa nyanja pakhale bata, nthunzi ikhale timadontho tapatalipatali tosaoneka bwino, ndipo wofotokoza anene poyera kuti timadonthoti tangojambulidwa pofuna kuthandiza maso.

PA SIKIRINI: Timadontho tafika pamwamba, tikuyandikana, ndipo mtambo woyera ukuyamba kuoneka.

WOFOTOKOZA: Mtundu woyera usungidwe mpaka pa chiganizo chachiwiri, chakuti, “Kumwambako kumazizira, ndipo nthunzi ija imabwerera kukhala timadontho ta madzi.” Mtambo uyambe kuyera pa mawu akuti “imabwerera”, osati kale. Pa sikirini palembedwe liwu limodzi lokha, “mtambo”, pafupi ndi mtambowo, chifukwa mukalemba chiganizo chonse mwana amayamba kuwerenga n'kusiya kuyang'ana chithunzi.

Mukamaliza, zimitsani mawu ndipo muonetse vidiyoyo kwa mwana wa msinkhu wa kalasi imene mukuikonzera, kenako mumufunse kuti afotokoze zimene waona. Akanena kuti madzi awira n'kutulutsa utsi, bwererani kumanja kwa pepala, pa mzere wa fulemu 75, mukakonze kajambulidwe ka nthunzi.